Tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu sizikhazika mtima pansi

"Ndimagulitsa mbatata ya kachewere pa Lizulu. Mtima ukayamba kuthamanga, manja n'kumanjenjemera, ndimamwa kachitini ka chakumwa chopatsa mphamvu kapena tiyi wowawa wa shuga wambiri. Bwanji sizikusiya?"

Achimwene, mukuzimitsa moto ndi palafini. Ambiri tinakula tikumva kuti kunjenjemera n'kuchepa mphamvu m'thupi, koma m'zakumwazi muli kafini. Iyeyu amatsekereza uthenga wa kutopa mu ubongo n'kuthamangitsa mtima, thupi n'kukhala ngati la munthu amene waona njoka. Kutopa kwenikweniko sakuchotsa.

Kachitini ka mamililita 250 kamakhala ndi kafini pafupifupi mamiligalamu 80, kapu ya tiyi pafupifupi theka lake. Satuluka msanga: pakatha maola ngati 5, theka amakhala akadali m'magazi. Mukamwa zitini ziwiri madzulo podikira basi yomaliza, pogona mumakhala ngati mwangomwa chimodzi. Tulo sitibwera bwino, m'mawa mwadzuka wolefuka, mwagulanso china. Shuga wa m'zoziziritsa kukhosi naye, makamaka m'mimba mopanda kanthu, amakudzutsani pang'ono kenaka n'kukusiyani wofooka.

Musasiye mwadzidzidzi, mutu ungakupwetekeni kwa masiku angapo. Ngati mumamwa zitini zitatu pa tsiku, sabata ino muzimwa ziwiri pa tsiku, yamawa chimodzi, ndipo dzuwa likapendeka osamwanso. Ndikudziwa kuzizira kwa pa Lizulu m'mwezi wa Juni, manja amafuna kapu yotentha, choncho tiyi musamutaye: chepetsani masamba ndi shuga, muyambe mwadya phala kapena mtedza.

Koma mtima ukapitiriza kugunda mutachepetsa, kapena pachifuwa pakamapweteka, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi.