Kufifitiza nambala ya galimoto sikuichotsa

Funso: "Ndikafifitiza nambala ya galimoto mu vidiyo yanga, palibenso angaiwerenge, si choncho?"

Ayi, imathabe kuwerengeka. Kufifitiza kumasakaniza timadontho ta chithunzi motsatira masamu odziwika, sikumatichotsa. Zilembo za nambala n'zochepa ndipo kalembedwe kake n'kamodzimodzi, motero munthu akhoza kufifitiza nambala zongoyeserera, n'kumafananiza ndi yanuyo mpaka imodzi itagwirizana. Timabokosi tija tosokoneza chithunzi natonso chimodzimodzi.

Vidiyo ndiye imaulula kwambiri. Ya masekondi 10, yojambulidwa pa zithunzi 30 pa sekondi, ili ndi zithunzi 300, ndipo galimoto ikamayenda chilichonse chimasiya kachidziwitso kake.

Phimbani ndi bokosi lakuda bii, `opacity` yake ikhale 100% kuti za kuseri kwake zisaonekere, ndipo lipitirire m'mbali mwa nambalayo. Kenako yendani chithunzi chimodzichimodzi, makamaka pomwe galimoto ikulowa, ikukhota kapena ikutulukira kuseri kwa chinthu, chifukwa m'pomwe bokosi limene pulogalamu imaliyendetsa yokha potsata nambalayo limatsalira m'mbuyo. Chithunzi chimodzi chosaphimbika n'chokwanira kuulula nambalayo. Unikani vidiyo yomalizidwayo, osati zimene zikuoneka mu pulogalamu yokonzera.