Malo athyathyathya sakhala pakatikati nthawi zonse

"Mzere wokhota ukayamba ndi kuthera pa msinkhu umodzi, malo ake athyathyathya amakhala pakatikati penipeni." Ndatopa nawo mawu amenewa, papita zaka ndikuwamva.

Lamulo la masamu la Rolle, lomwe limakamba za nkhaniyi, limangonena kuti ngati mzerewo sunaduke, ulibe kona yakuthwa, ndipo f(a) = f(b), pali malo amodzi kapena angapo pakati pa a ndi b pomwe f'(x) = 0. Amenewo ndiwo malo athyathyathya, koma lamuloli silitchula kuti ndi pati.

Musanauze mnzanu zongomva, yesani nokha ndi pensulo. Tengani f(x) = x³ − x, kuyambira 0 mpaka 1. Pa 0 ndi pa 1 pomwe yankho ndi 0. Koma f'(x) = 3x² − 1 imafika 0 pa x = 1/√3, pafupifupi 0.577. Pa 0.5 imapereka −0.25, kusonyeza kuti mzerewo ukadatsikabe. Chimasokoneza ambiri ndi parabola, poti pa iyoyo zimagweradi pakatikati.