Njala ikaleka kupweteka, thupi limakhala likufunabe chakudya

"Ukatha masiku awiri osadya njala imatha yokha, chifukwa mimba imakhala yafota ndipo thupi silifunanso chakudya."

Mphekesera imeneyi si yoona. Njala yopotokola m'mimba imayambitsidwa makamaka ndi girelini, mthenga wa m'magazi amene amachuluka pa nthawi imene munthu anazolowera kudya, kenako n'kutsika ngakhale asanadye kanthu.

Chiwindi chimasunga shuga wokwana magalamu pafupifupi 100, amene amatsala pang'ono kutheratu pakadutsa maola 24. Zikatero, chimayamba kusandutsa mafuta a m'thupi kukhala maketoni, amene ubongo umagwiritsa ntchito m'malo mwa gawo lina la shuga, ndipo akamachuluka m'magazi chilakolako cha chakudya chimachepa. N'chifukwa chake munthu wosala kudya amamva bwinoko pa tsiku lachitatu, pamene mpweya wa m'kamwa mwake umanunkha ngati zipatso zopsa kwambiri.

Komabe ubongo umafunabe shuga wina, ndipo thupi limamupanga pogumula minofu. Chodetsa nkhawa kwambiri chili kwa odwala matenda a shuga amene amadalira insulini, pakuti maketoni angachuluke mopitirira muyeso n'kuwawasitsa magazi. Wodwala wotere akayamba kusanza, kumva ludzu losatha ndi kupuma mwabefu, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.