Musanalembetse chikwangwani, werengani zilembo za dzina la sitolo yanu

Anthu ambiri amene amabwera kuti ndiwakonzere webusaiti amafika chikwangwani atalembetsa kale, malisiti atadinditsa kale. Zimandimvetsa chisoni kuwauza kuti dzina lomwe alikondalo silingalowe pa intaneti mmene lilili. Mukangoganiza dzina la sitolo, liyeseni kaye ngati domeni, ndiye kuti adiresi ya webusaiti, komanso ngati dzina la pa masamba a mchezo, lija limayamba ndi @. Wolemba chikwangwani abwere pambuyo.

Vuto lake ndi lakuti malo aliwonse ali ndi malamulo awo. Domeni imalola zilembo, manambala ndi kamzere kapakati (-), koma imakana mpata ndi kamzere kapansi (_). Instagram, TikTok ndi X amalola kamzere kapansi koma amakana kapakati. Facebook imakana timizere tonse tiwiri, imangolola kadontho, pomwe X kadonthoko safuna. Ndiye chomwe chimadutsa paliponse ndi zilembo ndi manambala basi. Kutalika nakonso kumasiyana: domeni imafika zilembo 63, Instagram 30, TikTok 24, koma X imathera pa 15. Ngati mukufuna dzina limodzi ponseponse, muyezo wanu ndi 15.

Tiyerekeze kuti sitolo yanu mwaitcha Zokongola za M'nyumba. Mipata ichoke, kachizindikiro ka pakati pa m ndi n kachokenso chifukwa palibe pomwe kamaloledwa. Chotsala ndi zokongolazamnyumba, zilembo 18. Domeni ilola, Instagram ilola, X ikana. Apa musathamangire kudula zilembo mpaka dzina likhale ngati zkglzamnyumba, chifukwa palibe amene angalitchule. Dulani mawu athunthu: zamnyumba ndi zilembo 9, ndipo yemwe waona chikwangwani alizindikira msanga.

Tsopano fufuzani. Lembani zamnyumba.com pa tsamba la kampani yolembetsa madomeni, kapena pa lookup.icann.org, muone ngati ili ndi mwini. Kenako yesani @zamnyumba pa tsamba lamchezo lililonse, ngakhale lomwe simukuligwiritsa ntchito pano. Nthawi zambiri mupeza kuti pena lilipo, pena wina anatenga. Mayesero amakhala oti pamene latengedwapo muwonjezere nambala, mukhale zamnyumba pano, zamnyumba2 uko, za_mnyumba kwinako. Ine sindivomereza zimenezi. Kasitomala akaiwala 2 uja amagwera kwa munthu wina, ndipo wakuba akatsegula akaunti yofanana ndi yanu, makasitomala sadziwa yeniyeni chifukwa inu nomwe munawazoloweza maina osiyanasiyana. Ndi bwino kuwonjezera liwu limodzi lomveka, n'kulitenga paliponse, ngakhale pomwe dzina lalifupi linali lopezeka. Mwachitsanzo gulanizamnyumba ndi zilembo 15 ndendende, ndipo limalowa ponse.

Mukapeza kuti amene anatenga dzinalo akugulitsa katundu wofanana ndi wanu, imani kaye. Pamenepo kuwonjezera liwu sikukupulumutsani. Domeni kupezeka sikutanthauza kuti malamulo akukulolani kuchita malonda ndi dzinalo, choncho funsani ku ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda m'dziko lanu. Kusintha dzina sitolo isanatsegulidwe n'kosavuta kusiyana ndi kulisintha anthu atalizolowera.

Pali mayeso ena omwe safuna kompyuta. Imbirani foni anthu atatu, muwatchulire dzinalo kamodzi, aliyense alilembe n'kukutumizirani. Ngati m'dzina muli liwu ngati sitolo, mudzaona wina atalemba sitoro, chifukwa l ndi r timazisinthanitsa osadziwa n'komwe. Pakamwa ndi liwu limodzi, koma kwa kompyuta ndi maadiresi awiri osiyana. Zikatero, sankhani liwu lina, kapena lembetsani madomeni onse awiri, inayo izingolozera ku yeniyeniyo. Pewaninso 0 ndi 1 pafupi ndi zilembo, poti pa sikirini zimafanana ndi O ndi l.

Dzina likadutsa monsemu, litengeni tsiku lomwelo: domeni poyamba, kenako maakaunti onse, aliyonse muikepo chithunzi ndi mawu ochepa kuti isaoneke yosiyidwa. Domeni sigulidwa kwamuyaya, imachita kubwerekedwa, kawirikawiri chaka ndi chaka, ndipo mukaiwala kulipira imadzabwerera pamsika wina n'kuitenga. Ilembetseni m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya amene akukukonzerani webusaiti. Ndinathandizapo mayi wina amene domeni yake inalembetsedwa ndi mnyamata amene anamupangira tsamba. Mnyamatayo atasowa, makalata okumbutsa kulipira ankapita ku imelo yake, mayiyo osadziwa kanthu. Anadzazindikira tsiku lomwe kasitomala anamuimbira kuti adiresi ya pa chikwangwani chake ikutsegula tsamba la munthu wina.