Kalata yokuitanani ku intavyu ya ntchito: mafunso ndi mayankho

Ndalandira kalata yondiitana ku intavyu. Tsiku ndaliona kale, china choti ndiyang'ane m'menemo n'chiyani?

Iwerengeninso kachiwiri mtima utakhala pansi, cholembera chili m'manja. Ndakhala nawo pa magulu ofunsa anthu ofuna ntchito ndipo makalata oterewa ndalembapo ambiri. Chomwe chimandimvetsa chisoni n'chakuti anthu ambiri chimwemwe chikawagwira amangoona tsiku ndi ola basi, pamene mzere uliwonse wa kalatayo ukuwauza zoti akonzekere. Tiyeni titenge chitsanzo ichi, cha munthu amene anafunsira ntchito ya wothandizira akauntanti:

"Okondedwa Mayi, potsatira kalata yanu yofunsira ntchito ya wothandizira akauntanti, tikukuitanani ku intavyu Lachinayi pa 12 Juni, 9 koloko m'mawa, ku likulu lathu, m'chipinda chochitira misonkhano. Muyamba ndi mayeso a pa kompyuta a mphindi 40 ogwiritsa ntchito Excel, kenaka mudzakumana ndi gulu lofunsa mafunso kwa mphindi 45. Pa gululi padzakhala mkulu wa nthambi ya zachuma, yemwe ndi wapampando, mkulu woona za anthu ogwira ntchito, ndi wolondoloza mabuku a ndalama. Mubweretse chiphaso chanu, masatifiketi enieni a maphunziro anu pamodzi ndi makope ake otsimikizidwa, komanso maina a anthu atatu okuchitirani umboni. Chonde titsimikizireni kuti mubwera pasanafike Lolemba pa 9 Juni."

M'kalata yachidule imeneyi muli masiku awiri, osati limodzi. La 9 Juni ndi limene anthu amaliiwala, ndipo olemba ntchito ena akaona kuti simunayankhe amaganiza kuti mwataya chidwi, malo anu n'kupatsa amene anali pa mndandanda wodikira. Yankhani tsiku lomwelo, mizere iwiri kapena itatu yokha: kuthokoza, kutchula dzina la ntchito, ndi kubwereza tsiku, ola ndi malo. Kubwerezako kuli ndi phindu lake. Ngati wolemba kalata analakwitsa, monga kulemba Lachinayi pamene pa kalendala tsikulo ndi Lachisanu, cholakwikacho chimaonekera pamenepo, nthawi ikadalipo.

Kalata ikuti mphindi 45. Zimenezi zikundikhudza bwanji ine? Si iwo amene amasunga nthawi?

Nthawi amasunga ndi iwo, koma woluza ikatha ndinu. Tiyeni tiziwerengetsere mphindizo. Zisanu zoyambirira zimapita pa malonje, wapampando kutchula anzake ndi kufotokoza momwe zinthu ziyendere. Zisanu zomaliza amakusiyirani inuyo kuti mufunse mafunso anu. Zotsala ndi 35. Ngati aliyense mwa anthu atatuwo ali ndi mafunso atatu, mafunso onse ndi 9, kutanthauza kuti funso limodzi silikukwana mphindi zinayi, ndipo m'kati mwa zimenezo muli kufunsa kwa funsolo ndi kafunso kotsatira. Yankho lanu lizikhala la mphindi ziwiri, likatalikitsa zitatu.

Chifukwa chake ndi ichi. M'maintavyu ambiri a gulu, mafunso amalembedwa pasadakhale, munthu aliyense amafunsidwa omwewo, ndipo wofunsa aliyense amakhala ndi pepala lolembapo malikisi pa funso lililonse. Mukathera mphindi 12 pa funso loyamba lija loti mudzifotokoze, mafunso awiri kapena atatu akumapeto adzafunsidwa mothamanga kapena sadzafunsidwa n'komwe, ndipo pa mzere wa funso lomwe simunayankhe palibe choti wofunsa alembe. Ndinaonapo mayi wina wodziwa ntchito yake bwino kwambiri akutaya malikisi mwa njira imeneyi. Wapampando anayang'ana wotchi kawiri, n'kutseka cholembera chake, koma mayiwo sanazindikire. Mukaona onse asiya kulemba ndipo akungokuyang'anani, dziwani kuti zomwe amafuna azimva kale, malizani chiganizocho mukhale chete.

Musaiwalenso kuphatikiza nthawi yonse. M'chitsanzo chathu, 40 ndi 45 zikupanga mphindi 85, koma pakati pamakhala kudikira ndi kuona mapepala anu, ndipo oitanidwa oyamba akachedwetsa, onse otsatira amachedwa. Ngati mukupempha chilolezo kumene mukugwira ntchito panopa, pemphani theka la tsiku.

Andilembera maudindo a anthu amene adzandifunse. Ndichite nawo chiyani?

Udindo wa munthu umakuuzani mbali imene mafunso ake adzachokere. Mkulu wa zachuma ndi amene mudzagwire naye ntchito tsiku ndi tsiku, choncho iye akufuna kudziwa ngati mungayanjanitse mabuku a kampani ndi sitetimenti ya kubanki, komanso chomwe mumachita manambala akakana kugwirizana kumapeto kwa mwezi. Wolondoloza mabuku maso ake ali pa kukhulupirika ndi kutsata ndondomeko: angakufunseni chomwe mungachite bwana atakuuzani kuti mulipire invoisi yopanda siginecha yovomereza. Woona za anthu ogwira ntchito adzafunsa chifukwa chomwe mukuchokera kumene muli, mipata yomwe ili mu mbiri yanu ya ntchito, malipiro omwe mukuyembekezera ndi tsiku lomwe mungayambe. Konzekerani nkhani imodzi yeniyeni ya munthu aliyense, chinthu chomwe chinachitikadi, chomwe inu munachitapo, ndi momwe chinathera.

Pali chifukwa china chomwe kalata yabwino imatchulira anthuwa. Ngati mmodzi mwa iwo ndi wachibale wanu, mnzanu wapamtima, kapena munthu amene munakanganapo naye kwambiri pa ntchito ina, uzani amene wasaina kalatayo tsiku lisanafike. Mabungwe ambiri ali ndi lamulo loti wofunsa wotero adzipatule kapena alowedwe m'malo. Zikadziwika pambuyo, ngakhale munapambana mwachilungamo, anthu adzakayikira ndipo zotsatira zikhoza kuthetsedwa. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuwaimbira foni kapena kuwalembera uthenga anthu a pa gululo kuti akukomereni mtima. Malo ambiri zimenezo zokha n'zokwanira kukuchotsani pa mndandanda.

Akuti masatifiketi enieni ndi makope otsimikizidwa. Fotokope wamba siyokwanira?

Siyokwanira. Kope yotsimikizidwa ndi fotokope yomwe munthu wololedwa ndi malamulo, monga loya kapena woyang'anira malumbiro, waiyerekeza ndi satifiketi yeniyeni, n'kudindapo chidindo, kusaina ndi kulemba tsiku. Amene amaloledwa kuchita zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, ndipo olemba ntchito ena amakana chidindo chakale, amafuna cha miyezi yaposachedwa. Ngati kalata sinanene, funsani. Popita kukadinditsa tengani satifiketi yeniyeniyo, chifukwa popanda iyo wotsimikizayo alibe choyerekeza nacho.

Zenizenizo amangoziona n'kukubwezerani, makope ndi amene amatsala mu failo yawo. Musatuluke pakhomo musanawerenge kuti zonse zabwerera m'manja mwanu, ndipo wina akati muzisiye, kanani mwaulemu n'kumupatsa makope. Satifiketi ikatayika, kupeza ina kumatenga nthawi yaitali, ndipo mabungwe ena a mayeso sapereka ina n'komwe, amangopereka kalata yotsimikiza zotsatira.

Vuto lomwe ndalikumana nalo kawirikawiri ndi la maina. Pa satifiketi ya kusekondale pali dzina la bambo anu, pa chiphaso pali la amuna anu, kapena chilembo chimodzi chinalembedwa mosiyana. Kwa inu ndi nkhani yaing'ono, koma woona mapepala sangangokhulupirira pakamwa. Tengani chikalata cha ukwati kapena kalata ya lumbiro yonena kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi. Ngati munamaliza maphunziro koma satifiketi sinatuluke, pemphani kusukuluko kalata yotsimikiza kuti munakhoza pamodzi ndi pepala la magiredi anu, ndipo muwadziwitse olemba ntchitowo m'yankho lanu lija, osadikira kuti akadabwe nazo pa tebulo. Anthu atatu okuchitirani umboni aja muwauze pasadakhale, muonenso kuti manambala awo a foni akugwirabe ntchito.

Mapepalawa muwasanje mu failo motsatira momwe kalata yawatchulira, enieni mbali ina, makope mbali ina. Zimaoneka zazing'ono, koma munthu wofunsira ntchito yosunga mabuku a ndalama akamakhuthula envelopu pa tebulo kufunafuna dipuloma yake, ofunsa aja amaona.

Intavyu yanga akuti ndi ya pa intaneti. Pali kusiyana?

Kalata iyenera kutchula pulogalamu, monga Zoom kapena Microsoft Teams, ndi linki yolowera. Yesani linkiyo, kamera ndi maikolofoni dzulo lake. Ngati olemba ntchito ali m'dziko lina, onetsetsani kuti 9 kolokoyo ndi ya kwawo kapena ya kwanu, pokumbukira kuti maiko ena amasintha mawotchi awo ndi ola limodzi kawiri pa chaka. Pemphani nambala ya foni yoti muimbe netiweki ikadula. Mapepala nthawi zambiri amafuna muwasikane n'kutumiza pa imelo, enieniwo amadzawaona mukapatsidwa ntchito.

Tsiku lomwe andipatsa sindingathe. Ndikapempha lina sadzandichotsa?

Kupempha si mlandu, bola mupemphe msanga, munene chifukwa mwachidule ndipo mutchule masiku awiri omwe mungathe. Koma dziwani kuti kusonkhanitsa akuluakulu atatu m'chipinda chimodzi n'kovuta, ndipo nthawi zambiri oitanidwa onse amaonedwa tsiku limodzi kapena awiri. Kusintha ola m'tsiku lomwelo n'kosavuta kusiyana ndi kusintha tsiku. Nthawi yomweyi ndi yonenanso ngati muli ndi ulumali wofuna kuti akonze zina, monga chipinda chapansi chopanda masitepe, womasulira chinenero cha manja, kapena nthawi yoonjezera pa mayeso olemba.

Kalata yanga ikuti nditumize ndalama yolembetsera intavyu ndisanapite. Nditumize?

Musatumize. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amufunse mafunso, kaya aitche ndalama yolembetsera, ya yunifolomu kapena yosungira malo. Yang'anani bwino kalatayo: kodi ntchitoyo munafunsiradi? Kodi imelo yachokera ku adiresi ya kampaniyo kapena ku adiresi wamba yomwe aliyense angatsegule? Kodi yatchula dzina la ntchito, malo enieni a ofesi ndi udindo wa wosaina? Makalata achinyengo amakonda kukufulumizitsani, kuti mulipire lero lomwe chifukwa malo atsala ochepa. Pezani nambala ya kampaniyo mwa njira ina, osati yomwe ili m'kalatamo, muimbe n'kufunsa ku ofesi yoona za anthu ogwira ntchito ngati dzina lanu lili pa mndandanda wa oitanidwa. Musanatsimikize zimenezo, musatumizenso kope ya chiphaso chanu.