Maso ofiira sagwidwa poyang'anizana

"Kusukulu ku Luchenza akuti ukangoyang'anizana ndi mwana wa maso ofiira, nawenso wadwala. Nzoona?"

Ayi mayi, nzabodza. Tizilombo timayenda ndi manja. Mwana akatikita diso lamanthongo nkubwereketsa pensulo, mnzakeyo amadzipatsira akakhudza lake. Kunyumba amapatsirana pogwiritsa ntchito kansalu kamodzi kopukutira kumaso.

Mwana akadwala maso, muviike kansalu koyera m'madzi owiritsa atazizira, mupukute kuchokera kumphuno kupita kunja, diso lililonse kansalu kake, kenako musambe m'manja ndi sopo. Chonde, mkodzo kapena madzi a masamba musadonthezeremo, zimatha kupha diso.

Ambiri amachira pasanathe masabata 2. Koma akamamva ululu weniweni, kuopa kuwala, kuona mwachimbuuzi, kapena zikope zikatupa mpaka kutsekeka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Khanda losakwana mwezi likatuluka mafinya m'maso, musadikire kuti kuche.