Si nthawi zonse pamene CV ndiyo imakugwetsani

"Ndimamva kuti amene CV yake ndi yamphamvu kuposa ena ndiye amaitanidwa. Ine sanandiitane, ndiye kuti yanga ndi yofooka?"

Ayi, mphekesera imeneyi si yoona. Nthawi zambiri CV imawerengedwa kumapeto. Olemba ntchito akalandira makalata ambirimbiri, amayamba asefa ndi mafunso amene munayankha pa fomu: mumakhala kuti, mungayambe liti, mukufuna malipiro angati.

Tiyerekeze kuti kampani ikufuna akauntanti woti ayambe pasanathe masiku 30, chifukwa amene alipo akuchoka ndipo ayenera kusiyirana mabuku. Inu mwalemba kuti notisi yanu ndi ya miyezi itatu. Basi, mwatuluka, ngakhale luso lanu likuposa la onse, chifukwa mpandowo ungakhale wopanda munthu miyezi iwiri. Komatu notisi ina imafupikitsika, mwina pogwiritsa ntchito masiku a tchuthi amene simunatenge kapena pogwirizana ndi abwana. Ngati zili choncho, lembani tsiku lenileni limene mungayambe.

Malipiro nawo ali ndi malire amene anavomerezedwa ntchito isanalengezedwe, ndipo wosefayo kawirikawiri alibe mphamvu yowasintha. Mukatchula ndalama zopitirira kwambiri, amaona kuti kukambirana n'kutaya nthawi. Za malo n'zachidule: adiresi yakutali imawapatsa nkhawa ya ndalama zosamukira, pokhapokha mutanena kuti ndinu wokonzeka kusamuka komanso liti.

Mungadziwe bwanji? Kukanidwa patangopita maola ochepa, musanalankhule ndi aliyense, nthawi zambiri kumasonyeza kuti mwagwera pa sefa. Zikamachitika mobwerezabwereza, unikani mayankho atatu aja musanayambe kukonzanso CV.